Bimu ya T: pezani kaye mzere wa nyutiro ndi I musanathamangire sitiresi

Fomula ya sitiresi ya kupindika ndi yaifupi moti aliyense amailoweza tsiku lomwelo:

```
σ = M × y / I
```

Apa σ ndi sitiresi, M ndi momenti imene ikupinda bimu, y ndi mtunda kuchokera pa mzere wa nyutiro, ndipo I ndi sekondi momenti ya eriya. Sindinaonepo munthu akulakwitsa fomula imeneyi. Pomwe anthu amagwera ndi pa y ndi pa I, chifukwa zonse ziwiri zimayezedwa kuchokera pa mzere wa nyutiro, ndiye mzerewo mukauika polakwika zonse zotsatira zimakhala zabodza ngakhale kakyuleta mwaidina bwinobwino. Bimu ikakhala ya rekitango palibe nkhani, mzere uli pakati penipeni. Koma ya T ndi yolemera kumtunda, mzere umakwera, ndipo muyenera kuufufuza.

Kwa amene simunaumvetse mzere umenewu, tengani siponji yaitali mujambulepo timizere toimirira m'mbali mwake, kenako muipinde kuti pakati patsike. Muona kuti kumtunda timizere tayandikana, kumeneko ndi kupanikizika, kunsi tatalikirana, kumeneko ndi kukokeka, ndiye penapake pakati pa mbali ziwirizi pali malo amene mpata wa timizere sunasinthe. Pamenepo sitiresi ya kupindika ndi ziro. Ndiwo mzere wa nyutiro, nyutiro akisisi ija ya m'kalasi.

Tigwira bimu imodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Ndi yachitsulo. Fulanji, gawo lopingasa la pamwamba lija, ndi 150 mm mulifupi ndi 20 mm kukhuthala. Webu, mwendo woimirira uja, ndi 20 mm kukhuthala ndi 100 mm kutalika kuchokera pansi mpaka pomwe yakumana ndi fulanji. Bimu yonse kutalika kwake ndi 120 mm.

Gawo 1: jambulani, dulani T yo ikhale marekitango awiri

Jambulani ndithu, ngakhale chojambula chonyansa, mulembepo miyezo yonse. Kenako dulani mzere pomwe webu yakumana ndi fulanji. Rekitango 1 ndi fulanji, rekitango 2 ndi webu.

```
A1 = 150 × 20 = 3000 mm²
A2 = 20 × 100 = 2000 mm²
A  = 5000 mm²
```

Apa pali kamsampha kamene kamagwira mwakachetechete. Funso nthawi zambiri limakupatsani kutalika kwa bimu yonse, 120, osati kwa webu yokha. Munthu wothamanga amangolemba webu ndi 20 × 120, ndiye kachidutswa ka 20 × 20 kamene kali mkati mwa fulanji kawerengedwa kawiri. Choipa chake n'choti yankho silimapita patali, mzere wa nyutiro umatuluka 87.8 m'malo mwa 86 amene tipeze pompano, ndipo I imakwera ndi maperesenti osakwana 4, moti simungakaikire kalikonse pongoyang'ana nambala. Chochigwira ndi chojambula basi, webu ndi 120 kuchotsa 20.

Gawo 2: sankhani poyambira kuyeza, ndipo musasinthe

Ine ndimayezera kuchokera pansi penipeni pa webu, chifukwa mitunda yonse imakhala yokwera ndipo palibe nambala ya mainasi. Ena amakonda kuyambira pamwamba, palibe cholakwika, bola mulembe pa chojambula kuti ziro ali apa. Tsopano pezani pakati pa rekitango iliyonse kuchokera pa ziro ameneyo.

Webu pakati pake ndi theka la 100, ndiye y2 = 50 mm. Fulanji ndiyo imafuna kudekha pang'ono, mukwere webu yonse kaye, 100, kenako muonjezere theka la kukhuthala kwa fulanji, 10, ndiye y1 = 110 mm. Ambiri amalemba 10 apa chifukwa maganizo athawira kumtunda osadziwa, kwinaku webu aiyezera kuchokera pansi. Ndi zija ndikunena zoti poyambira pasasinthe.

Gawo 3: sentiroidi, amene ndi malo a mzere wa nyutiro

Chulukitsani eriya iliyonse ndi y yake, phatikizani, gawani ndi eriya yonse.

```
ȳ = (A1×y1 + A2×y2) / (A1 + A2)
ȳ = (3000×110 + 2000×50) / 5000
ȳ = 430000 / 5000 = 86 mm
```

Mzere wa nyutiro uli 86 mm kuchokera pansi, kutanthauza 34 mm kuchokera pamwamba, mkati mwa webu, 14 mm kunsi kwa fulanji. Ujambuleni pa chojambula chanu pompano, nambala zitatu zimenezi, 86, 34 ndi 14, muzilembe pambali chifukwa tizifuna.

Musanapitirire dzifunseni ngati yankho likumveka. Liyenera kukhala pakati pa 50 ndi 110, silingatuluke kunja kwa masentiroidi awiriwo zivute zitani. Liyeneranso kupendekera kumene kuli eriya yambiri. Pakati pa 50 ndi 110 ndi 80, fulanji ndi yaikulu kuposa webu, ndiye 86 ali mbali yoyenera. Mukapeza 80 ndendende dziwani kuti mwangotenga avareji ya nambala ziwiri osaganizira maeriya, ndipo zimenezo zimagwira pokhapokha maeriya ali ofanana, nchifukwa chake zitsanzo za fulanji ndi webu zofanana eriya ine sindizikonda, zimaphunzitsa chizolowezi choipa.

Koma chifukwa chani mzere wa nyutiro udutse pa sentiroidi? Apa ndiima pang'ono chifukwa mukamvetsa ichi mudziwanso nthawi imene lamuloli limasiya kugwira. Bimu ikamapindika, kutamuka kwa chitsulo kumakula molingana ndi mtunda kuchokera pa mzere wa nyutiro, kukhala kawiri patali ndi kutamuka kawiri. Ngati chitsulo sichinafike pogonja, sitiresi nayo imatsatira kutamukako. Ndiye kachidutswa kalikonse ka eriya kakunyamula mphamvu yolingana ndi eriya yake kuchulukitsa mtunda wake. Tsopano palibe amene akukoka kapena kukankha bimuyi mulitali mwake, ikungopindidwa, choncho mphamvu yonse yopanikiza ya kumtunda iyenera kufanana ndi mphamvu yonse yokoka ya kunsi, apo ayi bimu ikanamayenda yokha. Kuti zifanane, eriya kuchulukitsa mtunda kumtunda ifanane ndi eriya kuchulukitsa mtunda kunsi. Malo amene zimenezi zimachitika ndi sentiroidi, tanthauzo lake ndi lomwelo. Onetsetsani kuti sitikunena kuti eriya ya kumtunda ifanane ndi ya kunsi, ayi. Pa bimu yathu kumtunda kwa mzere kuli 3280 mm², kunsi kuli 1720 mm² yokha, koma ya kunsiyo ili patali, ndiye yochepa yomweyo ikukwanitsa kulimbana ndi yambiriyo.

Gawo 4: mtunda d wa rekitango iliyonse

d ndi mtunda kuchokera pakati pa rekitango kufika pa mzere wa nyutiro. Osati kuchokera m'mphepete mwa rekitango, osati kuchokera pansi pa bimu.

```
d1 = 110 − 86 = 24 mm
d2 = 86 − 50  = 36 mm
```

Apa pali cheke chaulere chimene sichitenga masekondi khumi. A1 × d1 iyenera kufanana ndi A2 × d2. Tiyese, 3000 × 24 = 72000, 2000 × 36 = 72000. Zafanana, ndiye ȳ taigwira bwino. Zikapanda kufanana bwererani, musapitirire poganiza kuti zikonzeka kutsogolo. Koma dziwani kuti cheke ichi chimangogwira kulakwitsa kwa masamu, ngati y1 kapena eriya munailemba yolakwika pachiyambi chidzavomerabe.

Gawo 5: I, sekondi momenti ya eriya

Rekitango iliyonse imapereka zinthu ziwiri. Choyamba ndi I yake yokha poyezera pakati pake, b × h³ / 12. Chachiwiri ndi A × d², chimene chimabwera chifukwa pakati pakepo sipali pa mzere wa nyutiro wa bimu yonse. Limeneli ndi lamulo la pararelo akisisi, mabuku ena amalitchula dzina la Steiner.

```
I = Σ ( b×h³/12 + A×d² )
```

Pa b ndi h samalani. h ndi muyezo woimirira nthawi zonse, wodutsana ndi mzere wa nyutiro, kaya ndi waung'ono kaya waukulu. Pa fulanji h ndi 20, b ndi 150. Dzanja limafuna kuika nambala yaikulu pa kyubu chifukwa tinazolowera mabimu oimirira, ndipo mukatero fulanji ikupatsani 5,625,000 m'malo mwa 100,000, I yonse ituluka pafupifupi kawiri.

Fulanji:

```
150 × 20³ / 12 =   100 000
3000 × 24²     = 1 728 000
```

Webu:

```
20 × 100³ / 12 = 1 666 667
2000 × 36²     = 2 592 000
```

Kuphatikiza zinayi:

```
I = 6 086 667 mm⁴ ≈ 6.09 × 10⁶ mm⁴
```

Tayang'anani nambala zinayizo bwinobwino. Fulanji payokha ndi 100,000 basi, kanthu kochepa, chifukwa chitsulo cha 20 mm chogona chafulati chimapindika mosavuta. Koma fulanji yomweyo ikakhala 24 mm kutali ndi mzere wa nyutiro ikupereka 1,728,000, kuposa maulendo 17. Ma A × d² awiri pamodzi ndi 4,320,000, amene ndi maperesenti 71 a I yonse. Ndiye amene amaiwala A × d² sanaiwale kanthu kakang'ono kongokonzera, wataya gawo lalikulu la bimu.

Ine ndinaiwalapo pa mayeso, ndinaika A × d² pa fulanji yokha, pa webu ndinasiya, poganiza kuti poti mzere wa nyutiro ukudutsa mkati mwa webu ndiye webuyo sifunika kusunthidwa. Bodza. Kudutsa mkati si nkhani, nkhani ndi yoti ukudutsa pakati penipeni pa rekitangoyo kapena ayi, ndipo apa ukuphonya pakati ndi 36 mm. Pa bimu yathuyi chidutswa chimene ndinasiyacho ndicho chachikulu mwa zinayi zonse.

Chinandithandiza kuti ndisadzaiwalenso ndi kuona kuti A × d² ndi chinthu chenicheni, chimagwirika ndi manja. Tengani marula awiri kapena timatabwa tiwiri topyapyala, sanjikizani, pindani. Muona kumapeto kukutsetsereka, wina akutulukira mnzake pang'ono, chifukwa aliyense akupindika payekha mozungulira pakati pake. Tsopano amateni ndi guluu kapena muwapane mwamphamvu kuti asatsetsereke, pindaninso, alimba modabwitsa. Bimu ya T ndi chimodzimodzi. Fulanji ikangogonekedwa pamwamba pa webu osawotcherera, osamanga mabauti, pamakhala mizere ya nyutiro iwiri, aliyense wake, ndipo I ndi 100,000 kuphatikiza 1,666,667 basi, 1,766,667. Zikalumikizidwa ndi pomwe mzere umakhala umodzi ndipo ma 4,320,000 aja amabadwa. Choncho mukalemba A × d² papepala mukulonjeza kuti cholumikizira fulanji ndi webu ndi cholimba mokwanira kuletsa kutsetsereka kuja. Bimu yotuluka kufakitale ili chitsulo chimodzi palibe nkhawa, koma ya zidutswa ziwiri zowotcherera kapena matabwa okhomera misomali, cholumikiziracho chimafuna kuwerengeredwa pachokha.

Gawo 6: tsimikizani I ndi njira ina

Kubwereza masamu omwewo kachiwiri sikugwira kanthu, mumangolakwitsanso pomwepo. Bola kudzera njira ina. Imene ndimakonda ndi yodula T pa mzere wa nyutiro weniweniwo, chifukwa rekitango imene m'mphepete mwake mwakhudza mzere I yake ndi b × h³ / 3, ndipo A × d² simuifunanso.

Kunsi kwa mzere kuli rekitango imodzi, 20 mulifupi, 86 kutalika. Kumtunda yerekezani rekitango yodzaza ya 150 mulifupi ndi 34 kutalika, kenako chotsani mipata iwiri ya m'mbali mwa webu, imene pamodzi ndi 130 mulifupi ndi 14 kutalika.

```
20 × 86³ / 3  = 4 240 373
150 × 34³ / 3 = 1 965 200
130 × 14³ / 3 =   118 907
4 240 373 + 1 965 200 − 118 907 = 6 086 666
```

Zakumana, kusiyana kwa 1 ndi kwa kudula madesimo. Njira ziwiri zosiyana zikapereka nambala imodzi mutha kupuma. Njira imeneyi momwe ndailembera ikugwira mzere ukakhala mu webu. Fulanji ikakhala yaikulu kwambiri mzere utha kukwera kulowa mu fulanji momwemo, ndipo zikatero madulidwe amasintha, chochotsa chimakhala kunsi, pomwe njira ya A × d² ija sisintha kalikonse.

Chinanso, ȳ ikatuluka ya madesimo monga 82.727, musaidule msanga kukhala 83. I yokha sivutika kwambiri ndi kudula kumeneko chifukwa I imakhala yochepetsetsa pa sentiroidi ndipo kusuntha pang'ono kumangoonjezera A kuchulukitsa sikweya ya kamtundako, koma y ya mu fomula ya sitiresi imatenga kulakwako konse, makamaka mbali yaifupi ya kumtunda. Sungani madesimo awiri kapena atatu mpaka kumapeto.

Gawo 7: tsopano sitiresi

Tinene kuti bimu yakhala pa zochirikiza ziwiri kumapeto, mpata wake 3 m, ndipo pakati penipeni pali katundu wa 8 kN. Fulanji ili pamwamba. Momenti yaikulu ili pakatipo.

```
M = P × L / 4 = 8 × 3 / 4 = 6 kN·m = 6 × 10⁶ N·mm
```

Kusintha mayunitsi kumeneko chitani pompo musanaike mu fomula. kN kupita ku N ndi 1000, m kupita ku mm ndi 1000 winanso, pamodzi miliyoni. Mukakhala ndi N·mm pamwamba, mm pa y, ndi mm⁴ pansi, yankho limatuluka mu N/mm², amene ndi MPa yemweyo. Matebulo a zitsulo ambiri amalemba I mu cm⁴, yathuyi ingakhale 608.7 cm⁴, chifukwa 1 cm⁴ ndi 10,000 mm⁴ osati 10. Mu m⁴ ndi 6.087 × 10⁻⁶. Ine ndimangokhala mu mamilimita mpaka kumapeto, kusakaniza ndi kumene kumabala mayankho a sitiresi 84,000 kapena 0.08.

Bimu ya T ili ndi ma y awiri, ndipo muyenera kuwerengera onse.

```
σ (y = 86) = 6×10⁶ × 86 / 6 086 667 = 84.8 N/mm²
σ (y = 34) = 6×10⁶ × 34 / 6 086 667 = 33.5 N/mm²
```

Pansi pa webu pali 84.8 yokoka, pamwamba pa fulanji pali 33.5 yopanikiza. Fomula siikuuzani kuti kukoka kuli kuti, zimenezo mumaona ndi maso, bimu yatsika pakati ndiye kunsi kwatamuka. Kansonga ka pansi ka webu kakuvutika maulendo awiri ndi theka kuposa pamwamba, 86 kugawa 34. Pomwe webu yakumana ndi fulanji y ndi 14 ndipo sitiresi ndi 13.8, yomweyo mbali ya webu ndi mbali ya fulanji, sitiresi ya kupindika sidumpha chifukwa mulifupi mwasintha, imangoyenda mzere woongoka kuchokera 33.5 kudutsa ziro mpaka 84.8.

Tsopano onani zimene zikanachitika mukanangoti mzere uli pakati, pa 60 mm. Mukanawerengera I mozungulira 60 ikanatuluka 9,466,667, y ikanakhala 60, sitiresi 38.0. Yeniyeni ndi 84.8. Mukanauza anthu kuti bimu ikunyamula zosakwana theka la zomwe ikunyamuladi, ndipo kulakwa kumeneku kuli mbali yoopsa, yokupusitsani kuti zonse zili bwino. Kuiwala A × d² kumapita mbali ina, I ya 1,766,667 ndi y ya 86 zimapereka 292, mungakane bimu yabwinobwino. Kumeneko mwina mungotaya ndalama pogula chitsulo chachikulu, koma kwa mzere wa pa 60 kuja n'kumene kumagwetsa zinthu.

Cheke chomaliza, chimene chimatsimikiza zonse pamodzi, ndi kuwerengera mphamvu zija tinati ziyenera kufanana. Kunsi kwa mzere sitiresi ikuyamba pa ziro kufika 84.8, avareji ndi 42.4, eriya ndi 20 × 86 = 1720, ndiye mphamvu yokoka ndi 72.9 kN. Kumtunda, fulanji avareji yake ndi sitiresi ya pa y = 24, imene ndi 23.66, kuchulukitsa 3000 ndi 71.0 kN, ndiye kachidutswa ka webu ka 20 × 14 avareji yake 6.9 kakupereka 1.9 kN. Pamodzi 72.9 kN. Zakumana ndithu. Mwaonanso apa kuti pafupifupi kupanikizika konse kwanyamulidwa ndi fulanji.

Ngati mudzayesa makatundu angapo pa bimu yomweyi, gawiranitu I ndi y kamodzi musunge, ndi sekishoni modyulasi ija, Z kapena W kapena S malingana ndi buku. Ya pansi ndi 6,086,667 / 86 = 70,775 mm³, ya pamwamba ndi 179,020 mm³. Sitiresi imangokhala M kugawa Z. Pa chitsulo wamba, chimene mphamvu yake pokoka ndi popanikiza ndi yofanana, Z yaing'onoyo ndi imene imalamula. Chitsulo cha S275 chokhuthala 20 mm chimayamba kugonja pa 265 N/mm², osati 275, chifukwa 275 ndi ya zokhuthala mpaka 16 mm, ndiye 84.8 yathu ili patali ndithu. Koma mu 6 kN·m muja sitinaikemo kulemera kwa bimu yokha. Eriya ya 5000 mm² pa chitsulo cha 7850 kg/m³ ndi pafupifupi 39 kg pa mita, zimene zikuonjezera 0.43 kN·m pakati, maperesenti 7. Pa funso la m'kalasi amati musiye, pa ntchito yeniyeni muike.

T yo iyang'ane kuti

Mukaitembenuza bimu fulanji ikhale pansi, I sisintha, ikadali 6,086,667, mzere wa nyutiro ukadali 34 mm kuchokera kunkhope ya fulanji. Chosintha ndi choti ndani akukokedwa. Tsopano fulanji ili ndi 33.5 yokoka, nsonga ya webu ili pamwamba ndi 84.8 yopanikiza. Pa kasiti ayironi, chitsulo chophwanyika chimene chimapirira kupanikizika kwambiri kuposa kukokedwa, umu ndi momwe mungafunire, fulanji ikhale mbali yokokedwa kuti sitiresi yokoka ichepe. Pa chitsulo wamba nkhawa imakhala ina, nsonga ya webu yopanikizidwa ikakhala yopyapyala itha kukhotera kumbali sitiresi isanafike n'komwe pa 265, ndipo σ = M × y / I siiona zimenezo.

Kutembenuka komweku kumachitika bimu ili chiimire momwemo momenti ikasintha mbali. Pa kantiliva, bimu yogwidwa mbali imodzi yokha, kumtunda ndiko kumakokedwa. Bimu yodutsa pamwamba pa chochirikiza cha pakati nayonso pamenepo kumtunda kumakokedwa pomwe pakati pa mpata kukokeka kuli kunsi. Ndiye pa bimu yotere, ngati chinthu chake chili ndi malire osiyana pokoka ndi popanikiza, muyese malo onse awiri, chifukwa momenti yaing'ono ikakumana ndi y ya 86 itha kupereka kukoka kwakukulu kuposa momenti yaikulu yokumana ndi y ya 34.

Pomwe njira imeneyi imathera

Zonsezi zatsamira pa mfundo zija za mu gawo 3. Bimu ikhale ya chinthu chimodzi, katundu agwere pa mzere woimirira wa pakati pa T kuti isapotoke, pasakhale mphamvu yokoka kapena yokankha mulitali, ndipo chitsulo chisafike pogonja. Pakakhala mphamvu ya mulitali, I mumaiwerengerabe pa sentiroidi, koma mumaonjezera mphamvu ya mulitaliyo kugawa A pa sitiresi ndipo malo a ziro amachoka pa 86 paja. Fulanji ndi webu zikakhala za zinthu zosiyana, tinene thabwa ndi chitsulo, mumayamba mwasintha mulifupi mwa chimodzi ndi E yake kugawa E ya chinzake, E kukhala modyulasi ya Young imene imayeza kuuma kwa chinthu, kenako n'kutsata magawo omwewa pa chojambula chatsopanocho.

Bimu ya T ya konkire ndiyo imasokoneza anthu kwambiri chifukwa maonekedwe ndi omwewo. Isanang'ambike njira yathuyi imayandikira, koma konkire ya mbali yokokedwa ikangong'ambika simaiwerengeranso, kukoka kumatsalira mawaya a chitsulo, ndipo pa momenti yotsitsa pakati mzere umakwera, nthawi zambiri kulowa mu fulanji.

Ndipo pali mzere wina umene umafanana dzina ndi wathu, wa pulasitiki. Chitsulo chikagonja paliponse sitiresi imakhala yofanana pamwamba mpaka pansi, mtunda sugwiranso ntchito, ndiye kuti mphamvu zifanane ndi maeriya amene ayenera kufanana. Pa bimu yathu theka la 5000 ndi 2500, kugawa mulifupi mwa fulanji 150, mzerewo uli 16.7 mm kuchokera pamwamba, mkati mwa fulanji. Wathu uja uli pa 34. Mukaona yankho la mnzanu lili 16.7 kuchokera pamwamba kapena 103.3 kuchokera pansi, wagawa eriya pawiri, ndipo nambala imeneyo ndi ya funso lina, mu σ = M × y / I isalowe.